Uthenga wa ndalama ukafika wodukiza, gwirani kaye katundu wanu

Sabata ino ndikambe za matumba asanu ndi limodzi a nandolo omwe alamu anga adakweza okha m'galimoto, ndi manja awo, asadalandire ngakhale tambala. Palibe adawaopseza ndi chikwanje ndipo palibe adawapusitsa ndi mankhwala. Chidawagwetsa ndi uthenga wa pafoni womwe udafika theka, theka linalo n'kutsalira m'njira. Andilola kuti ndiifotokoze nkhaniyi bola ndisatchule dzina lawo, chifukwa mpaka lero akaikumbukira amangopukusa mutu.

Alamu angawa amakhala m'mudzi wina makilomita angapo kuchokera pa Nkando, m'boma la Mulanje. Monga alimi ambiri a kumeneko, amadzala nandolo m'munda wa chimanga. Chimanga ndi cha pakhomo, nandolo ndiye wa ndalama: wogulira feteleza, wolipirira ana sukulu, wokonzera denga mvula isadagwe. Nandolo wambiri wa kuno amathera ku India, koma mlimi sadziwana ndi a ku India. Iye amadziwana ndi wogula wa ku Limbe yemwe amatumiza galimoto kudzera msewu wa Midima.

Mu Okutobala 2023 alamu adali ndi matumba 6 a makilogalamu 50 lililonse, kutanthauza makilogalamu 300. Adagwirizana ndi wogula wina yemwe adachita naye malonda zaka ziwiri m'mbuyomo popanda vuto lililonse. Mtengo udali K1,200 pa kilogalamu, ndiye zonse pamodzi K360,000. Tsiku lotenga katundu, cha m'ma 11 koloko m'mawa, pa foni yawo ya mabatani padalowa uthenga uwu:

"Achimwene mwaswera bwanji. Galimoto ifika cha m'ma 2 koloko kudzatenga matumba 6 aja a nandolo. Mtengo ndi womwe uja. Ndalama yonse K360,000 ndatumiza kw"

Uthengawo udathera pomwepo. Alamu adaona ndithu kuti mawu omaliza ndi odukiza, koma mutu wawo udamaliza wokha chiganizocho: "ndatumiza kwanu". Nanga ndalama ya nandolo wawo ingatumizidwenso kwa yani? Uthenga wotsimikiza wochokera ku kampani ya foni udali usadalowe, koma zimenezo sizidawadabwitse. M'nyumba mwawo netiweki imachita kusakidwa, ndipo kangapo konse uthenga wotere udafikapo mochedwa.

Galimoto idafika. Dalaivala adatsika, adapereka moni, n'kufunsa kuti: "Abwana akuuzani za ndalama?"

"Eya, anena kuti atumiza kale," adayankha alamu.

Dalaivala uja adangoti "chabwino", osawonjezera kanthu. Matumba adakwezedwa, mlongo wanga adamupatsa madzi akumwa, galimoto n'kunyamuka.

Madzulo mwana wawo wamkazi adatenga foni ija kuti aimbire mnzake. Adaona kachizindikiro ka envelopu kakuphethira pakona, kusonyeza kuti malo osungira mauthenga adzaza. Adafufuta mauthenga akale angapo, ndipo pasadathe nthawi yaitali mbali yotsala ija idalowa:

"a dalaivala. Akupatseni pamanja musanakweze katundu. Akavuta mundiimbire."

Tsono werenganinso uthenga wonse. Wogula sadaname. Ndalama adaitumizadi, koma pa foni ya dalaivala, kuti akatape kwa ejenti n'kuipereka pamanja. Adachenjezanso kuti katundu asakwere ndalama isadaperekedwe. Chenjezo lonselo lidali m'mbali yomwe idachedwa. Dalaivala, atamva mwini katundu akunena yekha kuti ndalama idatumizidwa kale, adaona khomo lotsekula ndipo adalowa.

Anthu ambiri sadziwa chifukwa chimene uthenga umadukira chonchi, ndiye ndifotokoze. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160 zokha, kuwerengera ndi mipata yomwe, madontho ndi manambala. Mukalemba zopitirira pamenepo, foni yanu imaudula m'zidutswa za zilembo 153, ndipo chidutswa chilichonse chimayenda pachokha ngati makalata awiri oponyedwa m'bokosi limodzi. Foni ya wolandira ndiyo imalumikizanso zidutswazo. Zonse zikafika pamodzi, inu simuona msoko. Koma china chikachedwa chifukwa cha netiweki yofooka, kapena foni yadzaza, kapena batire lathera pakati, mafoni ena amangoonetsa chomwe chafikacho. Amene adagwiritsapo mafoni akale a Nokia akumbukira mawu oti `*some text missing*` omwe ankatuluka pamalo pa chidutswa chosowa. Mafoni ena sachenjeza n'komwe. Mukawerenga zilembo za uthenga wa alamu uja kuyambira pa "Achimwene" mpaka pa "kw", mupeza kuti ndi 153 ndendende.

Ife a ku Mulanje vutoli limatikhudza kwambiri chifukwa cha malo athu. Phiri limatchinga netiweki m'midzi yambiri ya m'mphepete mwake. Kufupi ndi malire, ku Muloza ndi ku Limbuli, foni nthawi zina imalumphira ku netiweki ya ku Mozambique. Kumidzi komwe kulibe magetsi foni imakhala yozima theka la tsiku, kudikira kukatchajidwa ku golosale kapena kometera. Zonsezi ndi mipata yomwe uthenga ungadukiremo.

Palinso china chomwe ndi chathu ife eni chinenero. Munthu wolemekezeka sayamba ndi ndalama. Amayamba ndi moni, kenako kukumbutsa nkhani, ndiye pamapeto pake n'kufika pa mfundo. Pakamwa ulemu umenewu ndi wabwino. Pa SMS umachititsa kuti moni afike bwinobwino m'chidutswa choyamba, pamene mawu olemera monga "musanakweze", "koma", "pokhapokha" agwera m'chidutswa chachiwiri. Onaninso kuti timanena "ndatumiza" tisadatchule kumene tatumizako. Mpeni ukagwera pakati pa mawu awiriwa, chotsala ndi uthenga womveka bwino koma wa tanthauzo lina. Apa ndiye pali ngozi yeniyeni. Uthenga wodukiza suoneka ngati wopanda pake. Umaoneka ngati nkhani yomwe mumaiyembekezera kale.

Tibwerere kwa alamu. Usiku womwewo adakwera pachulu n'kuimbira wogula. Wogula adaimbira dalaivala, dalaivala n'kunena kuti ndalama adapereka pamanja, yonse. Tsopano padali mawu a munthu mmodzi kutsutsana ndi mawu a mnzake. Wogula adali ndi umboni woti adatumiza K360,000 kwa dalaivala. Adalinso ndi umboni woti adachenjeza alamu. Alamu adali ndi mboni ziwiri, mkazi wawo ndi mnyamata yemwe adathandiza kunyamula matumba, koma onse adali a pakhomo pomwepo.

Chidawathandiza ndi nthawi. Malonda aliwonse a ndalama za pafoni amasiya nambala yake, tsiku ndi ola. Wogula atakakamiza dalaivala kuti aonetse mauthenga a pafoni yake, zidapezeka kuti ndalama ija adaitapa cha m'ma 6 koloko madzulo ku Limbe, maola anayi atachoka kale kumudzi. Adayesa kunena kuti adapereka ina ya m'thumba mwake, koma palibe adakhulupirira kuti dalaivala wa ganyu amayenda ndi K360,000 yakeyake. Pomaliza adavomera, koma ndalama idali itadyedwa kale mbali ina. Adagwirizana kuti azibweza pang'onopang'ono pomudula malipiro.

Tiwerengere limodzi zomwe uthenga wa theka udawonongetsa. Alamu adapita ku Limbe katatu, ulendo uliwonse pafupifupi K10,000 kupita ndi kubwera, ndiye K30,000 idapita. Pofika kumapeto kwa Disembala adali atalandira K250,000, dalaivala n'kusiya ntchito, osaonekanso. K110,000 idatsalira komweko. Pa K360,000 yomwe ankayembekezera, yomwe idakhaladi m'manja mwawo ndi K220,000. Ndipo si zokhazo. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mitengo ya feteleza ndi mbewu idakwera ndalama yawo idakali m'thumba la munthu wina. Akadalandira mu Okutobala akadagula zinthu zisadakwere. Chaka chimenecho adathira feteleza kamodzi kokha, mochedwa, ndipo chimanga chidaonetsa.

Nditawafunsa kuti bwanji sadaimbe foni galimoto isadanyamuke, yankho lawo lidandikhudza.

"Alamu," adatero, "munthu uja ndagula naye malonda zaka ziwiri. Ndikanamufunsa kuti ndalama ili kuti, akanaona ngati ndikumutenga wakuba. Komanso dalaivala anali ataima pamenepo, injini ikulira. Manyazi anandigwira."

Ndikhulupirira kuti owerenga ambiri akuwamvetsa. Netiweki idangodula uthenga, koma chomwe chidakweza matumba m'galimoto ndi manyazi ndi changu. Ndipo chodabwitsa n'chakuti wogula yemwe ankaopa kumukhumudwitsayo ndi yemwe adalemba kuti "akavuta mundiimbire". Foni ya mphindi imodzi ikadateteza onse awiri. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Uthenga sudukira pa SMS pokha. Umadukanso pakamwa. Ndalama timaziwerenga m'Chingerezi ngakhale tikulankhula Chichewa, ndipo pali manambala omwe amasiyana ndi kamchira kokha: fifitini ndi fifite, sikisitini ndi sikisite, seventini ndi sevente. Foni ikakhala ikudukaduka, kamchira kameneko ndi koyamba kusowa. Mayi wina wogulitsa nanazi ndi nthochi pa Chitakale adandiuza kuti mwana wake wa ku Lilongwe adamuimbira n'kunena kuti watumiza ndalama, atengepo fifitini apatse mmisiri wa malata. Mayiyo adamva fifite. Adatapa K50,000 n'kupereka, mmisiri n'kulandira ndi manja awiri, osafunsa. K35,000 yoonjezerayo idali ya fizi ya mdzukulu. Adaibweza ndithu mmisiriyo, koma patatha milungu itatu, mwana atabwezedwa kale kusukulu kawiri.

Mankhwala a vuto ili ndi osavuta. Wakumva abwereze nambalayo m'njira ina, osati momwe waimvera. Akamva "fifite" afunse kuti: "Faifi ziro, kapena wani faifi?" Kapena aitembenuzire m'Chichewa, chifukwa khumi ndi zisanu sizingasokonezeke ndi makumi asanu ngakhale netiweki itavuta bwanji. Atchulenso mawu oti sauzande, popeza tidazolowera kunena "twente" tikutanthauza K20,000, ndipo wina akhoza kumva zina.

Maso nawo amadula uthenga. Mauthenga a ndalama nthawi zambiri amalemba ndi matambala omwe, moti K36,000 imatha kuoneka 36,000.00. Munthu wothamanga, pa kafoni kosweka galasi, padzuwa la masana, amangoona 36 ndi mzere wa maziro, n'kuganiza kuti ndi K360,000. Maziro awiri omwe ali kuseri kwa dontho si makwacha. Werengani manambala omwe ali kutsogolo kwa dontho, limodzilimodzi. A mafoni a makono nawonso asadzitame. Kauthenga kotulukira pamwamba pa galasi kamangoonetsa mzere woyamba, ndipo ambiri timachita zinthu tisadatsekule uthenga wonse.

Mpaka pano ndakamba za ngozi zomwe zimangochitika. Koma pali anthu omwe adaphunzira kufooka kwathuku n'kukusandutsa ntchito. Airtel Money idayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo akuba sadachedwe kutsatira. Mu 2018 tonse tidaima pamizere kulembetsa masimu khadi athu, koma kuba sikudathe. Mu 2023 bungwe la MACRA lidanena kuti Amalawi amataya ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha pafoni, ndipo kwakhala kukunenedwa poyera kuti ambiri mwa mauthengawa amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba.

Taonani mmene akubawa amagwirira ntchito, muona kuti nyambo yawo ndi uthenga wa theka womwewu. Wina amangolemba kuti: "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ina ija yavuta." Satchula dzina lake, satchula lanu, satchula kuti ndi zingati. Amautumiza kwa anthu ambirimbiri, podziwa kuti pakati pawo pali wina yemwe tsiku limenelo akufunadi kutumiza lendi kapena chipepeso cha maliro. Munthu ameneyo amamaliza yekha uthengawo m'mutu mwake, monga momwe alamu adamalizira "kw" uja. Wakubayo sadanene bodza lalitali. Adangosiya mipata, inu n'kuidzaza.

Njira ina ndi ya uthenga wonamizira kuti mwalandira ndalama. Umalembedwa mofanana ndi weniweni, ndipo usadathe n'kuwerengedwa komwe foni imalira. Munthu akulira kapena kuchonderera: "Pepani bambo, ndalakwitsa nambala, ndalamayo ndi ya wodwala, ndibwezereni msanga." Amakusungani pafoni dala kuti musapeze mpata woona bwino. Mukabweza, mwatumiza ndalama yanuyanu, chifukwa palibe yomwe idalowa.

Mungadziwe bwanji? Choyamba onani komwe uthenga wachokera. Weniweni umabwera ndi dzina la kampani, pamalo pomwe mauthenga ena onse a ndalama amafikira. Wabodza kawirikawiri umachokera pa nambala wamba ya munthu. Koma chizindikiro chimenechi pachokha si chokwanira. Wakuba wochenjera akabwereka foni yanu kwa kamphindi, makamaka inu a maejenti ndi a magolosale, akhoza kusunga nambala yake m'dzina la kampani, uthenga wake n'kumaoneka ngati wochokera kumeneko. N'chifukwa chake umboni womaliza si uthenga womwe wabwera kwa inu, koma funso lomwe mwafunsa nokha. Dulani foniyo. Imbani `*211#` ngati muli pa Airtel Money, kapena `*444#` ngati muli pa Mpamba, muone ndalama zomwe zilimo. Zikakhala kuti sizidasunthe, ndiye kuti palibe chalowa, kaya uthengawo ukongole bwanji.

Nanga ndalama ikakhala kuti yalowadi molakwika? Zimachitika, ndipo ndalama ya mwini ndi ya mwini. Musaidye. Koma njira yotetezeka ndi yakuti wolakwitsayo adziwitse kampani kuti ndiyo ibweze, inu muvomereze. Mukatumiza nokha pa nambala yomwe akutchulirani pafoni, ikhoza kukhala yosiyana ndi yomwe ndalama idachokera, ndipo mwini weniweni akadzadandaula mudzapezeka mwalipira kawiri.

Ndinene chilungamo, kuona ndalama zomwe zili m'foni kuli ndi malire ake. Kumangokuuzani kuti ndalama yafika kapena ayi. Sikukuuzani kuti ndi ya chiyani. Mayi wa pa Chitakale uja ndalama idamufikira yonse, chidasokonekera ndi kagawidwe. Kumafunanso kuti mudziwe zomwe zidalimo kale: ngati mudali ndi K40,000 ndipo tsopano mukuona K76,000, zomwe zalowa ndi K36,000, osati K76,000. Pali njira yoonera malonda omaliza omwe achitika pa nambala yanu, igwiritseni ntchito mukakayika. Ndipo kumafuna netiweki, yomwe ndiyo idayambitsa vuto poyamba paja.

Ndiye mlimi ali kumudzi, galimoto yaima, netiweki palibe, achite chiyani? Yankho langa ndi lakuti katundu adikire. Nandolo sawola pa ola limodzi. Kwerani pachulu, kwerani njinga mpaka pamsewu, kapena kwerani nawo m'galimotomo mpaka pa ejenti wa pa Nkando, matumba ali m'maso mwanu. Dalaivala wachilungamo adzadandaula za nthawi koma adzadikira. Yemwe akukana kuti mutsimikize wakuuzani kale china chake. Ena adzati malonda safuna kuchedwa, wogula akhoza kupita kwa mnzako. N'zoona, nthawi zina mudzataya wogula. Koma kutaya wogula kumakusiyani ndi matumba anu, pamene kutaya matumba kumakusiyani ndi maulendo a ku Limbe.

Pali zinthu zinayi zomwe uthenga wa ndalama uyenera kunena usadakusuntheni pampando: wachokera kwa yani, ndalama yapita kwa yani, ndi zingati, ndipo ndi za chiyani. Uthenga wa alamu udali ndi zitatu. Chosowa chidali chimodzi chokha, "kwa yani", ndipo chimenecho ndicho chidadya K140,000. Wa mayi wa nanazi udaphonya pa "zingati". Wa akuba umasowa pafupifupi zonse, mwadala. Chikasowa chimodzi mwa zinayizi, kapena uthenga ukathera pakati pa liwu, kapena wopanda dontho pamapeto, muutenge ngati sudafike. Onani ngati foni yadzaza, fufutani zakale, dikirani pang'ono, ndipo koposa zonse imbani pa nambala yomwe mumaidziwa kale ya munthuyo, osati yomwe yalembedwa muuthengamo.

Pakufunsako pali luso lake kuti ubale usaonongeke. Simuyenera kunena kuti "sindikukhulupirirani". Nenani kuti: "Achimwene, uthenga wanu wafika wodukiza, tandiuzaninso." Mlandu mwaupereka kwa netiweki, yomwe siikwiya. Ndipo pamaso pa wotumidwa musayambe ndinu kunena zomwe mukuganiza kuti mwamva. Alamu akadangoyankha dalaivala uja kuti "inu abwana akuuzani zotani?", mwina akadatulutsa yekha nkhani ya ndalama, poopa kuti mwini katundu akudziwa zonse.

Otumiza nawonso ali ndi mbali yawo, makamaka ana athu a m'tauni ndi a ku Joni omwe amalembera makolo a mafoni a mabatani. Pa nkhani ya ndalama, ikani mfundo patsogolo, moni pambuyo kapena mu uthenga wakewake. Wogula uja akadalemba kuti: "Musakweze nandolo dalaivala asanakupatseni K360,000 pamanja. Afika 2 koloko." Zilembo zake sizifika n'komwe 80, ndipo uthengawo ukadafika wathunthu kapena osafika konse. Mafoni ambiri amaonetsa pakona kuti mwalowa mu uthenga wachiwiri. Mukaona zimenezo, dulani nokha pamalo abwino m'malo molola makina akudulireni pakati pa liwu. Lembani ndalama m'manambala, tchulani dzina la wolandira, nenani ngati yotapira ili momwemo kapena ayi, kenako imbani kuti mumve kuti wamva zotani.

Chaka chathachi alamu adagulitsanso nandolo kwa wogula yemwe uja, poti pamapeto pake zidaoneka kuti iye adalibe mlandu. Galimoto itafika, adauza dalaivala watsopano kuti akhale kaye pamkeka. Adakwera pachulu chija ndi foni, adaona ndalama zomwe zidalimo, adaimbira wogula kutsimikiza kuti ndi za matumba angati, n'kutsika. Zonsezi zidatenga mphindi khumi. Mlongo wanga akuti dalaivalayo adaseka n'kunena kuti madalawa ndi ovuta. Alamu adangomuyankha kuti: "Eya mwana wanga, ndinaphunzira sukulu ya fizi yodula." Kenako adatsekula chitseko cha nyumba yosungira matumba.